Wina saona pabolodi, wina mutu umamuwawa akagwira buku: zimene magalasi a maso amakonza

Pali ana amene mphunzitsi watcheru amawazindikira msanga. Mtsikana wa Sitandade 6 amathamangira kukhala kutsogolo kwenikweni, ndipo tsiku limene wachedwa n'kukhala kumbuyo amangokopera m'kope la mnzake chifukwa zapabolodi zikungooneka mbuu. Koma akapatsidwa paketi ya mankhwala amawerenga timalemba tonse ting'onoting'ono timene timavuta makolo ake. Palinso mwana wina amene sazindikirika. Uyu amawerenga nambala ya minibasi ikadali kutali, ndipo bolodi amaliona bwinobwino ali pakhoma la kumbuyo. Akangogwira buku kwa theka la ola, pamphumi pamayamba kuwawa, maso amalemera, mizere imayamba kulowana. Amatseka bukulo n'kupita kukasewera mpira, ndipo kunyumba dzina lake limakhala waulesi.

Ana awiriwa ali ndi mavuto a maso amene achipatala amawatcha mayopiya ndi haiperopiya. Mayopiya ndiko kuona bwino pafupi koma osaona patali. Haiperopiya anthu amangoifotokoza ngati mayopiya yotembenuza, kuona patali koma osaona pafupi, ndipo kufotokoza kumeneku ndi kumene kumasokeretsa makolo ambiri. Zoona zake n'zakuti vuto loyamba limadziulula lokha, pamene lachiwiri limatha kubisala zaka 30 mwini wake akulipira ndi mutu.

Nkhani yonse yagona pa kutalika kwa diso

Diso la munthu wamkulu ndi kampira kotalika pafupifupi mamilimita 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Kumbuyoko kuli retina, kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kuti munthu aone chinthu bwino, kuwala konse kochokera pa kadontho kamodzi ka chinthucho kuyenera kukakumananso pa kadontho kamodzi pa retina. Kukakumana patsogolo pake kapena kukafika kusanakumane, kadontho kaja kamasanduka chibanga, ndipo chilembo chopangidwa ndi zibanga zambiri zoloweranalowerana n'chimene munthu amachiona mwachimbuuzi.

Ntchito yopinda kuwalako kuti kukumane imagwiridwa ndi ziwalo ziwiri. Choyamba ndi koniya, chikopa choonekera ngati galasi chimene chakuta mbali yakuda ya diso. Koniya imagwira pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a ntchitoyi, koma siyisintha, mphamvu yake ndi yomweyo usana ndi usiku. Chachiwiri ndi lenzi ya m'kati, imene ili kuseri kwa mwana wa diso. Iyi imamaliza gawo lotsala, ndipo ili ndi luso limene koniya ilibe: yazunguliridwa ndi kamnofu kamene kakakungika, lenziyo imanenepa pakati n'kuwonjezera mphamvu. Izi n'zimene zimachitika munthu akachotsa maso paphiri n'kuyang'ana pachikhatho. Kamnofuka kamatha kuwonjezera mphamvu, koma sikangachepetse kupitirira pamene lenzi yapumula. Mfundo imeneyi ndi imene imasiyanitsa moyo wa ana awiri aja.

Mphamvu yopinda kuwala imayezedwa ndi muyezo wotchedwa dayoputa. Galasi la dayoputa 1 limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pa mtunda wa mita imodzi, la madayoputa 2 pa theka la mita, la madayoputa 4 pa masentimita 25. Diso lopumula lili ndi madayoputa pafupifupi 60. Popeza mphamvu ndi yaikulu chomwecho m'kampira kakang'ono, kulakwika pang'ono kumaonekera kwambiri. Diso likatalika ndi milimita imodzi yokha kuposa muyezo wake, limasokonekera ndi madayoputa apakati pa 2.5 ndi 3, zokwanira kuti munthu asazindikire nkhope ya mnzake kutsidya kwa msewu.

Diso lotalika

Diso la mtsikana uja linakula mopitirira pang'ono. Koniya ndi lenzi zikugwira ntchito yake, koma retina yasunthira kumbuyo, choncho kuwala kochokera pabolodi kumakumana kusanafike, kenako n'kubalalikanso. Kamnofu kaja sikangamuthandize, chifukwa vuto ndi loti mphamvu yachuluka kale, ndipo kukungika kumangowonjezera chimbuuzi.

Nanga bwanji buku amaliona? Kuwala kochokera patali kumafika kuli pafupifupi kowongoka, ngati njanji ziwiri. Kochokera pa chinthu chapafupi kumafika kukubalalika, motero kumafuna mtunda wotalikirapo kuti kukumane, ndipo mtunda wotalikirapowo ndi umene diso lake lili nawo. Munthu aliyense wa mayopiya ali ndi malire ake, malo akutali kwambiri amene amaonapo bwino popanda magalasi, ndipo malirewo ndi amene amapereka nambala ya magalasi ake. Ngati mtsikanayu akuwerenga bwino mpaka masentimita 50 n'kuyamba kuona chimbuuzi akasunthira buku patsogolo, masamu ake ndi awa: 1 ÷ 0.5 = 2. Papepala la kuchipatala padzalembedwa -2.00. Mnzake amene amachita kugunditsa mphuno pa buku, malire ake ali pa masentimita 25, adzalandira -4.00.

Galasi la nambala yoyamba ndi chizindikiro chochotsera ndi lopyapyala pakati, lochindikala m'mbali. Ntchito yake ndi kubalalitsa kuwala pang'ono kusanalowe m'diso, kuti kukumana kuja kusunthire kumbuyo mpaka pa retina. Galasi la -2.00 limachititsa kuwala kochokera pabolodi kufika m'diso ngati kwachokera pa masentimita 50, pamalo amene diso la mtsikanayu limaona kale bwino. Silinasinthe kanthu m'disomo. Langonyamula bolodi, mitengo ndi mwezi n'kuziika pamalire ake, zitachepa pang'ono, n'chifukwa chake munthu wovala magalasi otere koyamba amati dziko likuoneka laling'ono ndipo amaponda masitepe mosamala kwa masiku angapo.

Kawirikawiri mayopiya imayamba pa msinkhu wa ku pulayimale ndipo imakula limodzi ndi mwana mpaka kumapeto kwa zaka za unyamata, ena mpaka atapitirira zaka 20. Apa m'pamene pamabadwira mphekesera yoti magalasi amapha maso. Kholo limaona kuti mwana anayamba ndi -1.00, patatha zaka ziwiri akufunika -2.00, n'kuloza chala magalasiwo. Koma diso likanatalika ndithu ngakhale akanapanda kuvala. Nsapato sizikulitsa phazi la mwana, ngakhale kuti chaka chilichonse pamafunika zokulirapo.

Diso lalifupi ndi katundu wosaoneka

Diso la mnyamata uja ndi lalifupi. Kuwala kumafika pa retina kusanakumane, kukanakumana kuseri kwake. Likanakhala kuti lapumula, diso lotere silikanaona bwino paliponse, patali kapena pafupi. Koma apa kamnofu kaja kali ndi chochita, popeza chosowa ndi mphamvu, ndipo kuwonjezera mphamvu ndiyo ntchito yake. Choncho kamakungika kuyambira pamene mnyamatayo wadzuka mpaka pogona, ngakhale akungoyang'ana mitambo.

Manambala amaonetsa bwino katundu ameneyu. Mnyamatayu akhale wa zaka 12, ndipo diso lake likuperewera madayoputa 3. Kuti aone bolodi, kamnofu kayenera kupereka madayoputa 3 amenewo, pamene mnzake wa maso abwinobwino sakupereka kalikonse. Akatsegula buku pa masentimita 33, pamafunikanso ena 3, monga mmene zilili kwa munthu aliyense. Mnzakeyo akugwiritsa ntchito 3, iye akugwiritsa 6. Mwana wa msinkhu umenewu ali ndi madayoputa pafupifupi 12 kapena kuposerapo oti atapepo, motero malembawo amawaona ndithu. Koma kunyamula thumba la chimanga n'kulitula pompo si chimodzimodzi ndi kuyenda nalo mpaka kuchigayo. Pakatha mphindi zingapo kamnofuka kamatopa, malemba amayamba kubwera n'kumapita, ndipo mutu umayamba kuwawa. Chochititsa chidwi n'chakuti mtsikana uja, akavula magalasi ake n'kugwira buku lomwelo pa mtunda womwewo, amangofunika dayoputa 1. Kuwerenga kwa iye n'kupuma.

Galasi lothandiza mnyamatayu ndi la +3.00, lochindikala pakati, lopyapyala m'mbali, looneka ngati malichero awiri ovundikirana. Ndi mtundu womwe uja ana amayatsira pepala padzuwa. Limayamba kusonkhanitsa kuwala kusanalowe m'diso, n'kulanda ntchito imene kamnofu kankagwira. Akavala, nthawi zina amadandaula kuti palibe chimene chasintha, mwinanso patali pakuoneka moipirapo masiku oyamba, chifukwa kamnofu kamene kakhala kokungika kwa zaka sikamasuka tsiku limodzi. Phindu lake silionekera patchati yoyezera maso. Limaonekera madzulo, pamene wawerenga ola lathunthu mutu osawawa.

Ana ambiri amabadwa ndi haiperopiya pang'ono, ndipo imachepa yokha diso likamakula, choncho si mwana aliyense wa nambala yaing'ono amene amafunika magalasi. Imene imadetsa nkhawa ndi yaikulu. Ubongo unamangirira pamodzi kukunga kamnofu kaja ndi kutembenuzira maso onse awiri chakumphuno, chifukwa zonsezi zimafunika poyang'ana pafupi. Mwana wa zaka 2 kapena 3 amene akukunga kwambiri kuti aone amatha kuyamba kupotokera diso limodzi m'kati. Ubongo umasiya kumvera diso lopotokalo, ndipo zikapitirira mpaka zaka 7 kapena 8 osathandizidwa, disolo limatha kukhala lofooka moyo wonse ngakhale litadzapatsidwa galasi loyenera. Ana ambiri otere diso limawongoka akangovala magalasi okwanira, popanda opaleshoni. Mawu akuti "adzasiya akadzakula" awonongetsa maso ambiri pamenepa.

Zimene zimabwera ndi zaka 40

Pali vuto lachitatu limene anthu amalisokoneza ndi haiperopiya chifukwa mankhwala ake ndi galasi la mtundu womwewo. Telala wa zaka 45 amene wakhala akulowetsa ulusi pasingano mosavuta amayamba kuitana mwana kuti amuthandize. Mkulu wa mpingo amayamba kutambasula mkono powerenga. Diso lawo silinafupike. Lenzi ya m'kati ndi imene yauma ndi ukalamba, moti kamnofu kakakungika siyinenepanso ngati kale. Madayoputa 12 aja a paubwana amatsika kufika pa 4 kapena 5 pa zaka 40, pafupifupi 2 pa zaka 50, ndi pafupifupi 1 pa zaka 60. Telala amene amasoka pa masentimita 40 amafunika 2.5, ndipo zosowazo amazipeza m'magalasi owerengera, amene nthawi zambiri amayambira pa +1.00 kufika cha pa +2.50 kapena +3.00. Vutoli limatchedwa puresibiyopiya ndipo silisiya munthu.

Msinkhu umenewu ndi umene umaulula zonse. Mnyamata wa +3.00 uja, ngati sanavalepo magalasi, amayamba kulephera kuwerenga asanafike n'komwe zaka 40, ndipo pofika zaka 50 ngakhale patali pamachita chimbuuzi, chifukwa 2 amene watsala nawo sakukwanira 3 amene akufunika. Iye amaganiza kuti maso amufera mwadzidzidzi, pamene vutolo anabadwa nalo. Mtsikana uja ndiye amapeza kamwayi: pa zaka 55 amangovula magalasi ake n'kuwerenga nyuzipepala pa masentimita 50. Amene akufunika nambala ina ya patali ndi ina ya pafupi amapatsidwa magalasi a magawo awiri, lakumtunda loyang'anira kutali ndi lakumunsi lowerengera, nzeru imene imatchulidwa kawirikawiri ndi dzina la Benjamin Franklin wa ku America.

Kusokoneza mavuto awiriwa si kwa anthu wamba okha. Magalasi oyamba anapangidwa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo anali ochindikala pakati, othandiza okalamba kuwerenga. Opyapyala pakati anadzafala patapita zaka zoposa 150, ndipo cha m'ma 1450 ndi 1460 ankapangidwa ku Florence. Amisiriwo ankadziwa kuti magalasi amathandiza, osadziwa chifukwa chake, mpaka mu 1604 pamene Johannes Kepler anafotokoza kuti chithunzi chimapangika pa retina ndipo galasi limangosuntha malo okumanirana kuwala. Komabe madokotala anapitiriza kuona haiperopiya ngati ukalamba wa maso wobwera msanga. Amene anazilekanitsa momveka bwino ndi Franciscus Donders wa ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, m'buku lake la mu 1864.

M'chipinda choyezera

Mnzake wa Donders ku Utrecht komweko, Herman Snellen, ndi amene anakonza mu 1862 tchati ya zilembo zomka zichepa imene imapachikidwa m'zipatala mpaka lero. Munthu amaima pa mamita 6, n'kutseka diso limodzi. Amene sadziwa kuwerenga amapatsidwa tchati ya chilembo E chotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana, iye n'kumaloza kumene miyendo yake yayang'ana. Zotsatira 6/6 zikutanthauza kuona kwabwino. 6/18 ikutanthauza kuti zimene diso labwino limawerenga pa mamita 18, munthuyu akuziwerenga atayandikira pa mamita 6.

Tchatiyi imagwira mayopiya mosavuta. Mtsikana uja sangapitirire mizere yoyambirira. Mnyamata uja amawerenga mpaka pansi, n'kuuzidwa kuti maso ake ali bwino. Ichi n'chifukwa chake woyeza wodziwa ntchito sakhutira ndi tchati yokha akamva za mwana wodandaula mutu powerenga. Amadontheza m'maso mankhwala ogoneka kamnofu kaja kwa maola angapo, kenako amawalitsa kanyali m'diso n'kumasinthasintha magalasi mpaka atapeza nambala yeniyeni imene inabisala. Tsiku limenelo mwana amaona chimbuuzi pafupi ndipo dzuwa limamuthobwa, koma zimatha zokha.

Pali kachipangizo kena kosavuta kwambiri: kachibanthu kakuda koboola kabowo kakang'ono ngati ka singano. Kabowoko kamangolola kuwala kochepa kudutsa, motero zibanga zija zimachepa. Munthu akasuzumira pamenepo n'kuona bwino kuposa poyamba, n'chizindikiro chakuti magalasi amuthandiza. Ngati palibe kusintha, woyeza amayamba kuganizira zina monga ng'ala kapena matenda a retina, zimene galasi silingakonze. Mwana wa mayopiya amadzitulukira yekha nzeru imeneyi: amatsinzina pang'ono poyang'ana pabolodi, kusiya kampata kakang'ono pakati pa zikope.

Papepala la magalasi pamakhala mizere iwiri, R ya diso lamanja ndi L ya lamanzere, ngakhale ena amalemba OD ndi OS. Pansi pa SPH ndi pamene pali nambala imene nkhani ino yafotokoza. Ngati pansi pa CYL ndi AXIS palinso manambala, ndiye kuti koniya si yobulungira mofanana mbali zonse, vuto lina limene limatha kuyendera limodzi ndi lililonse mwa awiriwa. ADD ndi mphamvu yowonjezera yowerengera. Ngakhale popanda pepala, mtundu wa galasi umadziwika. Likagwiridwa patsogolo pang'ono pa maso n'kumaliyendetsa uku ndi uku, zinthu zakutali zimayenda limodzi ndi galasi lopyapyala pakati, koma zimalowera mbali ina ngati lili lochindikala pakati. Pankhope, loyambalo limachepetsa maso a wovala, lachiwirili limawakuza.

Magalasi ogula pamsika, aja amayalidwa pamodzi ndi mawotchi, pafupifupi onse ndi owerengera, a nambala yofanana maso onse awiri. Kwa telala wa zaka 45 amene amaona bwino patali, amatha kugwira ntchito ndithu, ngakhale kuti pa msinkhu umenewo ndi bwino kuyezetsabe chifukwa cha matenda ena obisala monga gulakoma. Kwa mtsikana wa -2.00 ndi chipongwe chenicheni: kuvala +2.00 kumasandutsa vuto lake kukhala la madayoputa 4. Kubwereka magalasi a mnzake wa mayopiya nakonso kuli ndi msampha. Ngati nambala yakula kuposa yofunika, mwana amaonabe bwino chifukwa kamnofu kamabweza mphamvu yochotsedwa mopitirirayo, ndipo wadzipatsa yekha mutu uja wa haiperopiya.

Pamene galasi lathera mphamvu

Galasi limakonza malo okumanirana kuwala basi. Diso lotalika limakhalabe lotalika, ndipo likatalika kwambiri, kuyambira cha pa -5.00 kapena -6.00, retina imakhala yokokeka ndi yopyapyala, yosavuta kung'ambika kapena kumatuka. Munthu wotere akaona kuthwanima ngati mphezi m'mbali mwa diso, timadontho takuda tochuluka mwadzidzidzi, kapena mthunzi wonga katani ukutseka mbali ina, ayenera kufika kuchipatala cha maso tsiku lomwelo. Diso lalifupi nalo lili ndi chiopsezo chake paukulu: ndi lothinana m'kati, ndipo njira yotulukira madzi a m'diso imatha kutsekeka, diso n'kufiira ndi kuwawa kwambiri. Nambala yosinthasintha m'milungu yochepa imatha kukhala chizindikiro cha matenda a shuga. Agogo amene ayamba kuwerenga popanda magalasi atawavala zaka zambiri asafulumire kukondwera, nthawi zambiri imakhala ng'ala imene ikuyamba. Ana achialubino ambiri amafunika magalasi a nambala yaikulu ndipo amathandizidwa nawo, koma sawafikitsa pa 6/6, choncho mpando wa kutsogolo ndi malemba akuluakulu zimafunikabe.

Mayopiya ikuchuluka padziko. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2019 linayerekeza kuti anthu pafupifupi 2.6 biliyoni ali nayo, ndipo m'mizinda ina ya kum'mawa kwa Asia achinyamata 80 mpaka 90 mwa 100 alionse omaliza sekondale saona bwino patali popanda magalasi. Kubadwa nako kuli ndi gawo, koma mtundu wa anthu susintha m'mibadwo iwiri yokha. Chimene chasintha ndi maola ochuluka pa buku ndi m'nyumba. Ku Taiwan, boma linayamba mu 2010 kulimbikitsa sukulu kuti ana azikhala panja maola awiri patsiku, ndipo chiwerengero cha ana a pulayimale osaona bwino, chimene chinkangokwera, chinayamba kutsika. Kukhala panja sikufupikitsa diso limene latalika kale, koma kumachepetsa mwayi woti vutolo liyambe. Makolo a m'tauni amene mwana wawo amachoka m'kalasi kupita ku maphunziro apadera, n'kumalizira pafoni, ali ndi phunziro pamenepa.

Ku Malawi oyeza maso amaphunzitsidwa ku Yunivesite ya Mzuzu, ndipo zipatala za maso zilipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma, kuwonjezera pa ogwira ntchito za maso m'zipatala za m'maboma. Kholo lopita ndi mwana wosaona pabolodi silifunika kunena zambiri, tchati idzalankhula yokha. Lopita ndi mwana wodandaula mutu powerenga, kapena wa diso lopotokera chakumphuno, lifotokoze zimenezo momveka bwino, ndipo mwanayo akawerenga tchati mpaka mzere wapansi, lisanyamuke lisanafunse ngati ayezedwanso atadonthezedwa mankhwala m'maso.